Lipoti la MRI likuti muubongo muli timadontho towala, muyambire pati?

Amayi aang'ono anga, azaka 61, ananditumizira chithunzi cha lipoti lawo la MRI pa watsapu usiku cha m'ma 11, pansi pake analemba mawu awiri okha, "ndafa ine". Anali atapita kukajambulitsa mutu chifukwa cha chizungulire chomwe chimawagwira akamatembenuka pakama, ndiye lipoti atalandira mdzukulu wawo anakopera mawu aja pafoni nkufufuza, zomwe zinatuluka ndi sitiroko, kuiwalaiwala kwa ukalamba, MS yomwe ndi matenda owononga chokutira cha mitsempha ya uthenga muubongo ndi mumsana, zonse pakamodzi, nyumba yonse osadya nsima. Ine ndimagwira ntchito za chipatala, nde malipoti a abale amathera kwa ine, ndipo ili linali ngati ambiri omwe ndawaonapo. Mbali yomwe inawaopsa inali iyi:

```
Few punctate T2/FLAIR hyperintensities in the deep white matter,
likely chronic small vessel ischemic change. Fazekas 1.
No restricted diffusion. No mass.
```

Ndikuyendetsani mmene ndinawayendetsera iwowo, chifukwa kadontho pakokha sikanena matenda, kamayamba kuyankhula mukakaika pambali pa zaka za munthu, malo omwe kali, kuchuluka kwake ndi zomwe thupi likuchita.

Choyamba mudziwe kaye kuti chomwe chikuwalacho nchiyani. Ubongo uli ndi chikhungwa chotuwa kunja komwe kuli maselo oganiza, ndiye mkati muli gawo loyera, lomwe ndi mawaya okhaokha olumikiza mbali ina ya ubongo ndi inzake, ndipo waya aliyense ndi wokutidwa ndi mafuta otchedwa mayelini ngati pulasitiki ya pa waya wa magetsi. MRI imajambula mutu womwewo kangapo m'njira zosiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi dzina lomwe limalembedwa pakona pa chithunzi. Pa T2 chilichonse chokhala ndi madzi ambiri chimawala. Pa FLAIR makina amazimitsa madzi oyenda momasuka aja a m'mapanga a pakati pa ubongo kuti aoneke akuda, nde chomwe chatsala chikuwala ndi mnofu wa ubongo womwe wanyowa kuposa mmene uyenera kukhalira, kaya mayelini wapyapyala pamenepo, kaya pali kachipsera. Mawu oti "hyperintensity" tanthauzo lake ndi lomweli basi, powala. Si magazi, si mafinya, si nyongolotsi, ndipo makinawo sakuuzani kuti chinanyowetsa nchiyani. Zili ngati banga la chinyezi pakhoma, mwina ndi denga, mwina paipi, mwina madzi a pansi, banga limaoneka chimodzimodzi. Nchifukwa chake ma lipoti ambiri amalemba kuti "nonspecific", sikuti dokotala wa zithunzi wachita ulesi ayi, akunena zoona kuti chithunzi chokha sichikwanira.

Ndiye musanayambe kulimbana ndi timadontho, werengani kaye mizere yomwe ikuyamba ndi mawu oti "No", anthu ambiri amaidumpha koma ndi yomwe ili ndi nkhani yabwino. "No mass" ndiye kuti palibe chotupa. "No restricted diffusion" ikuchokera pa chithunzi cha DWI, chomwe chimawala pomwe ubongo wangofa kumene chifukwa chosowa magazi, ndipo kuwalako kumakhala pafupifupi masabata awiri kenako nkuzilala, nde akati palibe ndiye kuti simunachite sitiroko masiku apitawa. Ngati anakubayani mankhwala a gadoliniyamu pamkono pojambula, fufuzani "no abnormal enhancement", kutanthauza kuti palibe pomwe pakutupa kapena kutukusira panopa. Lipoti la amayi aang'ono linali ndi ma "No" awiri oyambawo, ndinawauza usiku womwewo kuti agone, za mawa tikambirana mawa.

Kenako zaka. Apa mpomwe nkhani imatembenukira kwambiri. Ku Rotterdam, ku Netherlands, anajambula anthu wamba oposa 1000 azaka 60 mpaka 90, osati odwala ayi, anthu ongotengedwa m'makomo, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2001 zinaonetsa kuti pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndi omwe analibiretu timadontho iti. Ndiye munthu wazaka 61 kukhala ndi towerengeka zili ngati imvi, pafupifupi anzake onse a kumvano atawajambula tingapezeke. Koma timadontho tomweto pa munthu wazaka 25 timafuna funso loti tachokera kuti, olo yankho lake nthawi zambiri limakhalanso losaopsa.

Chomwe chimabweretsa timadonthoti kwa akuluakulu ndi timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri. Pachichewa mawu oti mtsempha timatchulira wa magazi ndi wa uthenga womwe, nde apa ndikunena wa magazi. Gawo loyera lija limamwa kumapeto kwenikweni kwa timitsempha tatitali topyapyala tolowa kuchokera kunja kwa ubongo, ndipo tilibe njira ina yodutsira tikatsekeka. Amene munathirirapo kudimba mukudziwa kuti ngalande ikayamba kuchepa mphamvu mizere ya kumapeto ndi yomwe imayamba kufota. Bipi yokwera kwa zaka zambiri imalimbitsa khoma la timitsemphato nkuchepetsa njira yake, shuga ndi fodya zimathandizira, ukalamba nawo umachita zake, ndiye mizere ya kumapeto ija nkumawala pa FLAIR. Mawu oti "ischemic" mu lipoti ndi omwe amagwetsa anthu mphwayi chifukwa amaoneka ngati akunena sitiroko, koma akalemba "chronic small vessel" akunena kuperewera kwa magazi kwa pang'onopang'ono kwa zaka, sikuti munagwapo osadziwa.

Tsopano kuchuluka kwake, apa mpamene pali dzina lija Fazekas. Ameneyu ndi Franz Fazekas, dokotala wa ubongo wa ku Austria yemwe mu 1987 anakonza kamuyeso kophweka kochokera pa 0 mpaka 3, ndipo mpaka lero ndi komwe ambiri amagwiritsa ntchito. Pa 0 palibe kanthu. Pa 1 ndi timadontho tapatalipatali, kalikonse pakokha ngati mchere wowazika patebulo. Pa 2 tayamba kugwirana, awiri atatu kupanga kachigamba. Pa 3 ndi zigamba zazikulu zolumikizana, gawo loyera likuoneka ngati lapakidwa laimu. Fazekas 1 pa munthu wopitirira zaka 60 ndi zachizolowezi ndipo payokha siibweretsa zizindikiro. Fazekas 2 pa munthu wazaka za m'ma 50 ine ndimaitenga ngati chenjezo lenileni. Fazekas 3 si yongoti ukalamba pa msinkhu uliwonse, imeneyo imatha kuonekera m'thupi, munthu amayenda timasitepe tating'ono mokwekweresa mapazi, amagwaigwa, mkodzo umamupanikiza mwadzidzidzi, kuganiza kumachedwa, mumufunsa funso ayankha ndithu molondola koma patapita kanthawi, zinthu zomwe ankakonza yekha monga ndalama za pakhomo zimayamba kumusokonekera.

Sindikufuna kukunamizani kuti timadontho iti ndi zopanda pake. Mu 2010 Stéphanie Debette ndi Hugh Markus anasonkhanitsa kafukufuku wambiri pamodzi nkupeza kuti anthu omwe ali ndi zowala zambiri chonchi mpata wawo wodzachita sitiroko ndi pafupifupi katatu kuposa anzawo, wa matenda oiwalaiwala pafupifupi kawiri. Koma nambala zimenezi zikukokedwa ndi omwe ali ndi zigamba zambiri, si za munthu wa timadontho tinayi. Ndipo ngati lipoti lanu kuwonjezera apo likutchula "lacune", komwe ndi kabowo ka mamilimita 3 mpaka 15 kotsala pomwe panachitika kasitiroko kakang'ono kale, kapena "microbleeds", timagazi tating'ono tomwe tinadonthapo nkuuma, ndiye kuti timitsempha tavutika kopitirira, musangolisunga m'chikwama lipotilo, lionedwe ndi dokotala. Pali china chomwe sichiyenera kukudetsani nkhawa, "perivascular spaces", timipata ta madzi tozungulira mtsempha, timawala pa T2 koma pa FLAIR timada, towerengeka aliyense ali nato.

Sitepe yomwe anthu amailakwitsa kwambiri ndi iyi, kufunsa ngati timadonthoto tikugwirizana ndi chomwe munapitira kuchipatala. Amayi aang'ono chizungulire chawo chimabwera akatembenuka pakama kapena akaweramira poto, nyumba nkuzungulira kwa masekondi 20 kapena 30 kenako zii. Chizungulire chotero kawirikawiri si cha muubongo, ndi cha mkati mwa khutu, timiyala tating'ono ta m'menemo timachoka pamalo pake nkulowa m'kanjira kolakwika. Dokotala anawagoneka nkuwatembenuza mutu mwa njira ina yotchedwa Epley, kawiri kokha chizungulire chinatha, timadontho tili pompo. Timadonthoto tinangopezeka chifukwa choti anajambulidwa, ngati mmene umapezera ndalama yachitsulo pansi pa bedi ukufunafuna nsapato. Chimodzimodzi mutu wopweteka tsiku ndi tsiku, kutopa, kusowa tulo, timadontho ta Fazekas 1 sitimayambitsa zimenezi, nde mukatinamizira mudzasiya kufufuza chenicheni.

Nanga MS yomwe aliyense amaiopa ija? Malipoti ena amalemba kuti "demyelination cannot be excluded", kutanthauza kuti sangatsutsiretu zoti mayelini uja akuwonongeka ngati mmene zimakhalira pa MS, ndipo mzere umenewu wasowetsa tulo anthu ambiri achinyamata. Ndinaonapo mtsikana wazaka 29 yemwe amadwala mutu waching'alang'ala kuyambira ali kusekondale, uja woyamba ndi nyenyezi m'maso kenako mbali imodzi ya mutu kugunda mpaka kusanza. MRI inaonetsa timadontho tinayi, kalikonse mamilimita awiri, tozungulira ngati mapira, kutsogolo kwa ubongo mkati mwa gawo loyera. Ameneyu anabwera atadzipeza kale ndi MS pafoni, mpaka atayamba kuganiza zosiya chibwenzi. Koma timadontho totere ndi todziwika kwa anthu a ching'alang'ala, makamaka azimayi, ndipo kafukufuku wowatsatira kwa zaka sanapeze kuti timawaononga nzeru.

Madontho a MS amaoneka mosiyana ndipo amakonda malo awoawo. Amakhala osachepera mamilimita 3, owulungika ngati dzira osati ngati mpira, ndipo amagunda khoma lenileni la mapanga a madzi aja nkuloza kunja ngati zala, lipoti limalemba "Dawson's fingers". Amapezekanso pa mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongo, "corpus callosum", ena ogundana ndi chikhungwa chotuwa, ena kunsi kwa ubongo kufupi ndi khosi, ena mu mtsempha wa msana. Madokotala amafuna awaone m'malo angapo mwa amenewa, osati malo amodzi, komanso chofunika kwambiri amafunsa mbiri. Kodi diso limodzi linachitapo chifunga nkumapweteka mukaliyendetsa kwa masiku angapo? Dzanzi lomwe linayamba kumapazi nkukwera mpaka m'chiuno nkukhala sabata kapena awiri? Kuona zinthu ziwiriziwiri, mwendo kukoka? Zizindikiro za MS zimakhala maola oposa 24, nthawi zambiri masiku kapena masabata, sizoti dzanja lachita dzanzi mphindi khumi chifukwa munaligonera. Mtsikana uja analibe nchimodzi chomwe, dokotala wa ubongo anamuyeza thupi lonse bwinobwino, ndipo nkhani ya MS inathera pomwepo popanda kumutenga madzi a pamsana. Dziwaninso kuti MS imapezeka kwambiri kumaiko ozizira monga ku Ulaya ndi Canada, kwathu kuno ndi yosowa olo imapezeka ndithu, nde zomwe mumawerenga pa intaneti zimaika MS patsogolo chifukwa zinalembedwera anthu a kumeneko.

Kwathu kuno funso lomwe liyenera kubwera msanga ndi la HIV, ndipo ngati simunayezetse posachedwa ingoyezetsani musanawononge ndalama pa sikani ina. Kachilomboka pakokha kakakhala nthawi yaitali osamwa ma ARV kamatha kuwalitsa gawo loyera mbali zonse ziwiri mofanana, ngati chifunga. Ndiye pali matenda ena otchedwa PML omwe amagwira munthu chitetezo chikatsika kwambiri, kawirikawiri CD4 ili pansi pa 200, amenewa si timadontho ayi ndi zigamba zosafanana mbali ndi mbali zofika mpaka pansi penipeni pa chikhungwa, ndipo munthu amakhala akuipiraipira sabata ndi sabata, kuyankhula kusokonekera, mkono kufooka. Lipoti likatchula "ring enhancing", kadontho kokhala ndi mphete yowala atabaya mankhwala aja, imeneyo ndi nkhani inanso, apo timaganiza za TB ya muubongo, kachilombo kotchedwa tokisopulazima, kapena timphutsi ta nyongolotsi ya nkhumba tomwe timagwetsa anthu khunyu, ndipo sizidikira mwezi wamawa. Magazi omwewo ayezenso chindoko ndi vitamini B12. Mwana kapena wachinyamata wa siko selo timadontho take amationa ndi diso lina, chifukwa iwowa amachita timasitiroko tachinsinsi. Ndipo ngati muli ndi zaka za m'ma 30 kapena 40, bipi ili bwino koma zigamba nzambiri, ndipo kubanja kwanu bambo, atsibweni kapena azakhali anachita sitiroko asanakalambe, muuzeni dokotala zimenezo, kuli matenda oyenda m'magazi a banja otchedwa CADASIL, osowa koma mbiri ya banja ndi yomwe imawaulula.

Ngati zonsezi mwadutsa ndipo mwatsala pa timitsempha tating'ono, monga amayi aang'ono, ntchito yeniyeni ili pa bipi. Nditawafunsa anati bipi anali nayo kale koma inatha, mapilitsi anasiya zaka ziwiri zapitazo chifukwa mutu sumapweteka. Aaa, bipi siimveka m'thupi, ndipo kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 ali nayo yokwera, ambiri osadziwa. Ndinawabwereka makina a pamkono ndipo mmene tinachitira ndi umu. Kwa masiku 7, m'mawa asanamwe tiyi ndi madzulo asanagone, akhale pampando wotsamira mphindi 5 osayankhula, mapazi pansi, mkono patebulo molingana ndi mtima, ayeze kawiri motalikitsa mphindi imodzi nkulemba m'kope. Za tsiku loyamba timataya chifukwa munthu amakhala ndi mantha ndi makinawo, zotsalazo nkuphatikiza kupeza pakati pake. Kunyumba malire ndi 135/85, kuchipatala ndi 140/90. Zawo zinatuluka 152/94. Anapita ndi kope lija kwa dokotala, anawabwezera pa amulodipini, anawayeza shuga, mafuta a m'magazi ndi impso. Kwa munthu yemwe timitsempha tayamba kuonetsa chonchi madokotala ambiri amafuna bipi itsike mpaka pansi pa 130/80 ngati thupi likulola, koma mwapang'onopang'ono, makamaka kwa okalamba omwe amachita chidima akaimirira. Kafukufuku wa SPRINT MIND wa ku America yemwe anatuluka mu 2019 anaonetsa kuti omwe bipi yawo inatsitsidwa kwambiri zowala zija zinakula pang'ono poyerekeza ndi anzawo. Sizinafufutike, zinangochedwa kukula, nde aliyense wokugulitsani mankhwala otsuka ubongo kuti timadontho tichoke akungokudyerani ndalama.

Mchere nawo tinaukambirana, tsiku lonse usapitirire magalamu 5, supuni ya tiyi imodzi yosadzadza, kuwerengera ndi uja uli kale mu usipa wouma, timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa mu therere, ndipo kambale ka mchere ka patebulo kanachotsedwa olo bambo aang'ono anadandaula sabata yonse. Wosuta fodya asiye, apa palibe zokambirana.

Chimodzi chomwe musachite panokha ndi kuyamba aspirini. Anthu ambiri akangomva za magazi osayenda bwino amathamangira kugolosale, koma kwa munthu yemwe sanachitepo sitiroko kapena vuto la mtima, timadontho tokha si chifukwa chomwera aspirini tsiku ndi tsiku, phindu lake silinaoneke pomwe ngozi yotaya magazi m'mimba kapena muubongo ilipo, makamaka bipi ikadali pamwamba kapena lipoti litatchula timagazi todontha tija. Amene anakulemberani dokotala pa chifukwa china musasiye, ndikunena oyamba okha.

Za kujambulitsanso, wa Fazekas 1 wopanda zizindikiro zatsopano safunika MRI ina, ndalama imeneyo bola mugule makina a bipi. Amabwereza pomwe dokotala akukayikira MS kapena kadontho kena sikakumveka bwino, kawirikawiri pakatha miyezi 6 kapena 12, kuti aone ngati patuluka tatsopano. Mukatero yesetsani kubwerera pa makina omwewo ndipo munyamule diski ya zithunzi zakale, osati pepala la lipoti lokha, chifukwa makina amasiyana mphamvu, a 3T amaona timadontho tomwe a 1.5T sanatione, ndipo dokotala wina amawerenga kalikonse pomwe mnzake amangoti towerengeka, nde mutha kuganiza kuti zachuluka pomwe changosintha ndi makina. Koma kukamwa kukapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mawu kusokonekera, diso kuzima, kukomoka, kapena mutu wowawa modzidzimutsa kuposa wina uliwonse womwe munaumvapo, musayambe kufunafuna lipoti lakale kapena kutumizira m'bale chithunzi, pezani galimoto mupite kuchipatala nthawi yomweyo olo zitasiya zokha pakatha mphindi khumi.

Amayi aang'ono patatha miyezi itatu kope lawo linkaonetsa pakati pa 128/80 ndi 134/82, mapazi anatupako pang'ono ndi amulodipini uja mpaka dokotala anachepetsa mlingo nkuwonjezera mtundu wina. Makina anga a bipi sanabwezebe mpaka pano, akuti akuyezera azimayi anzawo a kumvano Lachinayi lililonse.